Masekondi asanu a msodzi m'bwato: kulemba mawu oyendetsa chithunzi

Mu Juni 2024 makampani atatu anatulutsa mapulogalamu opanga vidiyo pafupifupi nthawi imodzi. Runway ya ku America inabwera ndi Gen-3 Alpha, Kuaishou ya ku China ndi Kling, ndipo Luma, nayonso ya ku America, ndi Dream Machine. Posakhalitsa, ntchito imene kale inkafuna gulu la ojambula makatuni inafika pa foni ya munthu wamba. Mumakweza chithunzi chimodzi, mumalemba mizere iwiri kapena itatu m'kabokosi kolembedwa kuti Prompt, mumadikira mphindi zingapo, ndipo chithunzi chija chimabwerera chikuyenda: mafunde akugavira, utsi ukufuka, munthu akucheuka. Kavidiyoko kamakhala kakafupi. Kling ndi Runway ankapereka masekondi 5 kapena 10, pomwe Veo 3 ya Google, imene inatuluka mu Meyi 2025, inayamba ndi masekondi 8.

Amene ayesapo akudziwa kuti pulogalamu imodzimodziyo imapatsa wina kavidiyo kosalala koyenera kuonetsa anthu, wina n'kumupatsa nkhope yosungunuka ndi dzanja lomera zala zowonjezera. Mwayi ulipo ndithu, koma kusiyana kwakukulu kumachokera m'mizere itatu ija. Chithunzi chanena kale zonse zooneka: munthuyo ndi ndani, wavala chiyani, dzuwa lili mbali iti. Mawu atsala ndi ntchito imodzi, kunena zimene zisinthe. Ndipo zosinthazo zili mitundu iwiri yosayenera kusakanizidwa, kuyenda kwa kamera ndi kuyenda kwa zinthu zimene zili m'chithunzimo. Pamwamba pa izi pali mfundo imene ine ndimaiona kuti ndiyo muzu wa luso lonseli: kuyenda kulikonse kumene mwapempha kumakakamiza makina kupeka chinthu chimene chithunzi sichinaonetse, ndipo zolakwika pafupifupi zonse zimabadwira pamalo opekedwawo.

Mulibe kamera m'makinamo

Vidiyo ndi zithunzi zambiri zotsatana, zimene a zamafilimu amati mafelemu. Filimu imaonetsa mafelemu 24 pa sekondi, ndiye masekondi 5 ndi mafelemu 120. Inu mwapereka felemu imodzi yokha, yoyamba. Enawo makina ayenera kuwapanga.

Mapulogalamu ambiri a mtundu uwu amayamba ndi timadontho tosokonekera tokhatokha, topanda chooneka chilichonse, kenako amatiyeretsa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, mpaka mafelemu onse aoneke. Pochita zimenezi amatsamira pa zinthu ziwiri, chithunzi chanu ndi mawu anu. Luso loyeretsalo analipeza poonetsedwa mavidiyo ochuluka zedi pamodzi ndi mawu ofotokoza zochitika m'mavidiyowo. Choncho mukalemba kuti kamera isunthire kumanja, palibe kamera imene ikusunthidwa m'katimo, palibenso nyanja yomangidwa yoti kamera iyendemo. Makinawo akungopanga mafelemu ofanana ndi mavidiyo amene anawaona atafotokozedwa ndi mawu ngati anuwo.

Pali zinthu ziwiri zotuluka pamenepa. Choyamba, mawu ogwira ntchito bwino ndi aja amene ojambula mafilimu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi amene makina anakumana nawo kambirimbiri. Mawuwo ndi a Chingerezi, ndipo kwa mapulogalamu a ku China Chitchaina chimamvekanso bwino. Ife olankhula Chichewa tingakonze ganizo lonse m'chilankhulo chathu, koma polowetsa m'kabokosi ndi bwino kulemba Chingerezi chachifupi, chosavuta. Sichifunika kukhala chokongola. Chachiwiri, timadontho toyambira tija timasiyana ulendo uliwonse, motsatira nambala imene mapulogalamu ena amaionetsa pansi pa dzina loti Seed. N'chifukwa chake mawu omwewo pa chithunzi chomwecho amatulutsa kavidiyo kena lero, kena mawa.

Chithunzi chathu

Titenge chithunzi chimodzi n'kukhala nacho mpaka kumapeto. Wojambula wakonza chithunzi cha buku la ana ndi utoto wamadzi, ndipo akufuna kachidutswa koyenda kolengezera bukulo. M'chithunzimo muli msodzi m'bwato losema, m'mamawa pa nyanja ya Malawi. Wakhala pamwamba pa milomo ya bwato, miyendo ili m'kati mwa mpata wopapatiza uja, monga amakhalira asodzi a kunyanja. Wayang'ana kumanja kwa chithunzi. Nkhafi imodzi ili m'manja ake onse awiri, nsonga yake yangokhudza madzi. Bwato lili chakumanzere, ndipo kutsogolo kwake kuli madzi okhaokha. Pafupi ndi ife, m'munsi mwa chithunzi, muli bango. Kutali, tsidya la nyanja, kuli mapiri obiriwira motuwa.

Oyamba kumene ambiri amalemba chonchi:

```
A beautiful painting of a fisherman in a canoe on Lake Malawi at sunrise, mountains, reeds, golden light
```

Mawuwa ndi abwino ngati mukufuna kuti makina akujambulireni chithunzi chatsopano. Pano sanena kanthu, chifukwa mulibe mneni ngakhale mmodzi. Makina osauzidwa chochita amachita chimene anazolowera: kamera imayandikira pang'ono, madzi amanjenjemera, mwina msodzi amagwedeza mutu popanda chifukwa. Choipa china n'chakuti kufotokozanso zooneka kale kukhoza kuchititsa makina kuzijambulanso motsatira mawuwo m'malo motsatira chithunzi. Mwanena kuwala kwagolide pamene wojambula anapaka kotuwa, ndiye pofika sekondi yachinayi thambo lafiira. Malangizo amene a Runway amapereka kwa ogwiritsa ntchito Gen-4 amanena zomwezi, kuti mawu alunjike pa kuyenda, ndipo munthu wa m'chithunzi angotchulidwa mwachidule, monga `he` kapena `the subject`.

Kamera: kutembenuka si kusuntha

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa mawu a kamera amene amaoneka ofanana amapempha zinthu zosiyana kutalitali.

Kamera ikhoza kuima malo amodzi n'kungotembenukira kumanzere kapena kumanja. Mawu ake ndi `pan left` ndi `pan right`. Ikaweramira pansi kapena kuyang'ana kumwamba ili pomwepo, ndi `tilt down` ndi `tilt up`. Koma ikhozanso kunyamuka yonse n'kuyenda cham'mbali, ndipo pamenepo mawu ake ndi `truck left` kapena `truck right`, kapena `tracking shot` ngati ikuyenda limodzi ndi munthu. Kusiyana kwake amakudziwa aliyense amene anakhalapo pawindo la basi pamsewu wa M1 podutsa ku Dedza. Mitengo ya m'mbali mwa msewu imathamanga, nyumba za patali zimayenda pang'onopang'ono, phiri limakhala ngati likukuperekezani. Basi ikaima inu n'kungotembenuza mutu, zonsezo zimasuntha pamodzi mofanana. Kuthamanga kosiyana kwa zapafupi ndi zakutali ndi kumene kumauza diso kuti malowa ali ndi kuya, ndipo kumabwera pokhapokha kamera ikachoka pamalo pake.

Ojambula makatuni anavutika nacho chinthu chimenechi kalekale. Situdiyo ya Walt Disney inamanga kamera yoyang'ana pansi kudzera m'magalasi angapo osanjikizana, lililonse lopakidwa gawo lake la malo, zapafupi pamwamba, zakutali pansi, ndipo galasi lililonse linkasunthidwa pa liwiro lake. Anaionetsa mu katuni ya The Old Mill mu 1937. Chithunzi chathu chili ndi magawo atatu oterowo: bango, bwato, mapiri. Chithunzi chimene chili ndi zapafupi, zapakati ndi zakutali zolekana bwino chimalola kamera kuyenda cham'mbali mosavuta, chifukwa makina amazindikira msanga choti chithamange ndi choti chitsalire.

Kuyandikira nakonso kuli pawiri. `zoom in` ndi kukuza chithunzi kamera ili pomwepo, ndipo zonse zimakula mofanana. Ndi zimene Ken Burns anatchuka nazo poyendetsa zithunzi zakale mu The Civil War mu 1990, ndipo pulogalamu iliyonse yolumikizira mavidiyo pa foni imachita zimenezi popanda makina opeka. `dolly in` kapena `push in` ndi kamera kuyenda chamtsogolo. Bango limakula msanga n'kutuluka m'mphepete, bwato limakula pang'ono, mapiri amatsala pafupifupi mmene analili. Ngati mukufuna kuti woonera amve ngati akulowa m'nyanjamo, pemphani chachiwirichi.

Tsopano funsani za kuyenda kulikonse: kodi makina apeka chiyani? Kamera ikaima, sapeka malo atsopano. Ikayandikira pang'ono, amapeka zochepa, timizere ta pa bwato ndi pa nkhope timene tayamba kuonekera pafupi, ndi kamadzi kamene kanabisika kuseri kwa bango. Ikatembenukira kapena kusunthira kumanja, ayenera kujambula zimene zili kunja kwa chithunzi kumanjako. Kwa ife kumeneko ndi madzi ndi thambo, zinthu zosavuta. Chikanakhala chithunzi cha msika, akanapeka anthu, mabenchi ndi zikwangwani, ndipo mukanaona zilembo zosawerengeka ndi anthu a miyendo yolumikizana. Kamera ikabwerera m'mbuyo, `pull out`, amapeka mbali zonse zinayi nthawi imodzi. Chovuta kuposa zonse ndi `orbit` kapena `arc shot`, kamera kuzungulira munthu. Pamenepo mukupempha mbali ina ya nkhope, msana, ndi mbali ya bwato imene wojambula sanaijambule n'komwe. Pa chithunzi cha utoto wamadzi kuzunguliraku kumawononga kawiri, chifukwa kuti makina azungulire chinthu chafulati amayamba achisandutsa chotukuka, ndipo msodzi wa wojambula uja amasanduka chidole chonyezimira cha m'makatuni a pa kompyuta.

Anthu amakonda kuzunguliraku chifukwa kumaoneka kwa pamwamba. Ine ndimati kuchokera pa chithunzi chimodzi musakupemphe, pokhapokha chinthucho chili chofanana mbali zonse, monga mphika kapena mtengo.

Kuyenda kumodzi kwa kamera n'kokwanira pa masekondi 5, ndipo muzinena liwiro lake. Mawu oti `slowly` si okongoletsa. Kamera yoyenda pang'onopang'ono imafika pafupi, ndiye malo opeka amachepa. Pulogalamu ya Hailuo, ya kampani ya MiniMax, inafika poika mawu a kamera m'mabokosi awoawo pa mtundu wake wotchedwa Director, kuti asasokonezeke ndi ena onse:

```
[Truck right] He paddles slowly across calm water.
```

M'mapulogalamu opanda njira imeneyi mukhoza kuchita zofanana nazo popatsa kamera chiganizo chakechake, choyamba ndi mawu oti `The camera`. Mukalemba kuti `moving right slowly` osanena woyenda, makina sadziwa ngati ndi bwato kapena kamera, ndipo nthawi zina amangokoka chithunzi chonse.

Msodzi achite chiyani

Kuyenda kwa munthu kumafuna mneni wooneka ndi maso. Mukalemba kuti msodzi akuganizira banja lake, kapena akusangalala ndi m'mawa, makina ayenera kusankha okha mmene zimenezo zimaonekera, ndipo kawirikawiri amamumwetulitsa n'kumutembenuzira kwa woonera. Nenani zimene thupi likuchita: akukoka nkhafi cham'mbuyo, akuweramira kutsogolo, akukweza mutu.

Nthawi ndi yochepa kuposa mmene timaganizira. Yesani kupalasa m'malere ndi manja anu mosafulumira, mukuwerenga masekondi. Mupeza kuti m'masekondi 5 mumalowa kupalasa kuwiri, mwina kutatu. Ndiye wolemba kuti msodzi apalase, aime, aponye ukonde, aukoke, aonetse nsomba, wapempha nkhani ya mphindi yathunthu. Makina amasankha chimodzi n'kusiya zina, kapena amazipanikiza zonse pamodzi, ndipo mumaona nkhafi ikusanduka ukonde m'manja mwake. Chochita chimodzi chachikulu n'chokwanira, limodzi ndi kuyenda kumodzi kwa chilengedwe, monga timafunde kapena bango logwedezeka ndi mphepo.

Chochitacho chiyambire pomwe chithunzi chaimira. Msodzi wathu nkhafi yake yangokhudza madzi, ndiye chotsatira chachibadwa ndi kuikoka. Mukati aimirire n'kubayibitsa, makina ayenera kutulutsa miyendo imene yabisika m'bwato, kupeza koika nkhafi, ndi kutambasula zala zimene zinali zofumbata. Zitatu zonsezo ndi zopeka. Chithunzi chili ndi mphamvu kuposa mawu, ndipo ziwirizi zikatsutsana, kavidiyo kamang'ambika pakati: theka loyamba limamvera chithunzi, kenako thupi limapindika modabwitsa kuti lifike pamene mawu akufuna. Ngati mukufunadi msodzi woimirira, jambulani chithunzi china ali chiimire.

Pali vuto lina limene ife a kuno tiyenera kulidziwa. Makina amakokera chilichonse ku zimene anaziona kawirikawiri, ndipo mabwato osema a kunyanja kwathu si ochuluka m'mavidiyo a pa intaneti poyerekeza ndi maboti a kwina. Mukalemba `rowing`, mwatchula kupalasa kwa nkhafi ziwiri, kumene wopalasa amakhala chofulatira kumene akupita, ndipo musadabwe nkhafi yachiwiri ikamera mbali inayo. Mukangoti `paddling`, nkhafi ikhoza kuphuka nsonga yachiwiri kumwamba, ngati ya timaboti tamasewera. Apa ndi pamene kutchula chooneka kale kumathandiza: mawu awiri oti `single paddle` amamangirira chinthu chimene chili pangozi yosintha. Lamulo loti musafotokoze chithunzi lili ndi malire amenewa. Tchulani chokhacho chimene mukuopa kuti chithawa.

Za mbali, lembani monga woonera akuonera. Kumanja kwa msodzi ndi kumanja kwa chithunzi zikhoza kusiyana, ndipo `toward the right of the frame` amachotsa chikayikocho.

Yesani kaye kamera itaima

Njira yosawononga ndalama ndi kuyesa mbali ziwirizi payokhapayokha, popeza ulendo uliwonse umadya makirediti, ndipo kukweza ndi kutsitsa mavidiyo kumadya bandulo. Yambani ndi munthu, kamera ili chiimire:

```
Locked camera. He draws the single paddle slowly back through the water, twice. Small ripples spread from the canoe.
```

Taonani kuti sitinalembe `no camera movement`. Makinawa samva bwino mawu okana. Amaona kuti mwatchula kuyenda kwa kamera, ndipo nthawi zina amakupatsani chomwe mwakanacho. A Runway amalangiza kunena chimene mukufuna m'malo mwa chimene simukufuna, monga `locked camera` kapena `the camera remains still`. Kling ili ndi kabokosi kapadera kotchedwa Negative Prompt, ndipo zosafunika zimalembedwa m'menemo popanda mawu okana.

Kavidiyo koyambaka kakuuzani ngati manja ndi nkhafi zikugwirizana. Kakuonetsaninso chinthu china. Kamera ikaima bwato likuyenda, bwatolo limadutsa m'chithunzi kupita kumanja. Wojambula wathu anasiya malo kutsogolo kwake, ndiye zili bwino. Likanakhala kale m'mphepete mwa kumanja, likanatuluka, kapena makina akanaliimitsa pomwepo msodzi n'kumapalasa osasuntha.

Manja akakhala bwino, onjezani kamera, osasintha china chilichonse. Pomaliza onjezani chiganizo chosunga maonekedwe a utoto:

```
The camera tracks slowly right, level with the canoe.
He draws the single paddle back through the water, twice, unhurried.
Foreground reeds slide past. The mountains stay distant and steady.
Flat watercolour look throughout.
```

Mzere woyamba ndi wa kamera, ndipo ukunena mbali, liwiro ndi msinkhu. Wachiwiri ndi wa munthu. Wachitatu ukuuza makina mmene kuya kuonekere, zapafupi zidutse, zakutali zikhazikike. Wachinayi ukuletsa chithunzi kutsetserekera ku maonekedwe a filimu yeniyeni. Kamera ikuyenda limodzi ndi bwato, choncho msodzi akhala pafupifupi malo omwewo m'chithunzi, nkhope yake sifunika kujambulidwa kuchokera mbali ina, ndipo chatsopano cholowa kumanja ndi madzi okha. Kuyenda kukuoneka kwambiri, koma zopeka n'zochepa. Mawu abwino amafuna zimenezi.

Kuonera ndi diso lofufuza

Ulendo woyamba kavidiyo kalikonse kamasangalatsa, chifukwa diso limatengeka ndi kuyendako. Kaonereni kangapo, ulendo uliwonse mukuyang'ana chinthu chimodzi.

Imitsani pa felemu yomaliza n'kuiyika pambali pa chithunzi choyamba. Kodi ndi munthu yemweyo? Mphuno, chipewa, kutalika kwa bwato, mtundu wa malaya. Kusintha kumabwera pang'onopang'ono moti simukuona kavidiyo kakuyenda, koma mafelemu awiriwa akakhala pamodzi kumaonekera poyera. Mavidiyo a masekondi 10 amasintha kwambiri kuposa a masekondi 5, chifukwa mafelemu akutali ndi chithunzi choyamba amachigwira mofooka.

Kenako tsatani mzere umene madzi akumana ndi mapiri. Uyenera kukhala wowongoka. Ukapindika kapena kupuma ngati chifuwa, kamera yapemphedwa zambiri. Yang'ananinso bango ndi mapiri. Ngati munapempha kamera yoyenda cham'mbali koma ziwirizi zikusuntha pa liwiro limodzi, makina angotembenuza kamera kapena angokoka chithunzi, ndipo mzere wachitatu uja ufunika kulimbikitsidwa. Ngati mapiri akuthamanga bwato lili phee ndi madzi osang'ambika kutsogolo kwake, makina ayendetsa dziko m'malo mwa bwato, ndiye onjezani kuti bwato likusiya kanjira m'madzi kumbuyo kwake.

Malo ofunika kuwayang'anitsitsa kuposa onse ndi pamene zinthu ziwiri zikukhudzana kapena kudutsana: dzanja pa nkhafi, nkhafi polowa m'madzi, mkono podutsa kutsogolo kwa chifuwa. Chinthu chikabisika kwa kanthawi n'kuonekanso, makina amachijambula mwatsopano, ndipo sichibwerera nthawi zonse mmene chinalili. Nkhafi ikapita kuseri kwa bwato ikhoza kutuluka yaifupi. Pitani felemu ndi felemu pamalo amenewa. Nsalu za maluwa ang'onoang'ono obwerezabwereza zimavutanso chimodzimodzi. Mayi wovala chitenje akatembenuka, maluwa a chitenjecho amayandama pa nsalu kapena kusintha mtundu, ndipo zilembo zilizonse, kaya pa chitenje kaya pa mbali ya boti, zimasanduka zokhwatchakhwatcha zikangosuntha. Mawu olembedwa ndi bwino kuwaika pambuyo pake ndi pulogalamu yolumikizira mavidiyo.

Mukapeza cholakwika, funso n'lakuti chachokera m'mawu kapena m'timadontho toyambira tija. Bwerezani mawu omwewo osasintha kanthu. Cholakwikacho chikachoka, linali tsoka la ulendo umenewo. Chikabweranso pamalo omwewo, gwero lake ndi mawu kapena chithunzi, ndipo kubwerezabwereza n'kutaya makirediti. Sinthani chinthu chimodzi, ndipo kumene pulogalamu imalola, sungani nambala ya Seed kuti mudziwe kuti chasintha zotsatira ndi mawu anuwo. Kawirikawiri mankhwala ake ndi kuchepetsa: kupalasa kumodzi m'malo mwa kuwiri, kamera yoima m'malo mwa yoyenda.

Nthawi zina vuto limakhala losiyana ndi limeneli, kavidiyo kamatuluka kozizira, zonse zikuyenda ngati zili pansi pa madzi. Mapulogalamu ambiri amakonda kuyenda kochedwa chifukwa n'kosavuta kukusunga kosasweka. Apa chotsani mawu ochedwetsa pa munthu, muwasiye pa kamera pokha, ndipo gwiritsani mneni wamphamvu, wonena kukumba madzi ndi nkhafi osati kungoiyendetsa. Kuchuluka kwa kuyenda ndi chinthu chimene makina amatha kuchikweza kapena kuchitsitsa pachokha. Stable Video Diffusion, imene Stability AI inatulutsa mu Novembala 2023, sinkalandira mawu n'komwe. Inkapanga mafelemu 14 kapena 25 kuchokera pa chithunzi, ndipo munthu ankangosintha nambala yotchedwa `motion_bucket_id`, imene imayambira pa 127. Ikakwera kuyenda kumachuluka ndipo chithunzi chimayamba kusweka, ikatsika zonse zimakhazikika. Kukokana komweko kudakalipo m'mapulogalamu atsopano, kungoti tsopano kumayendetsedwa ndi aneni amene mwasankha.

Nkhope za anthu enieni

Ambiri amene amayesa mapulogalamuwa sayamba ndi chithunzi cha m'buku. Amayamba ndi chithunzi cha agogo amene anatisiya, chimodzi chokhacho chimene banja lili nacho. Chilakolako chimenechi n'chomveka, ndipo kampani ya MyHeritage inachiona kale pamene inatulutsa Deep Nostalgia mu 2021. Koma mfundo ya kupeka ija imaluma kwambiri pano. Agogo anajambulitsa atatseka pakamwa, inu n'kulemba kuti amwetulire. Mano amene aonekewo si awo, ngakhalenso makwinya a m'masaya. Ana amene sanawaone agogowo adzasunga m'mutu kumwetulira kwa munthu amene sanakhalepo. Ngati banja lagwirizana kuti chithunzicho chiyende, pemphani zochepa zedi, kuphethira kumodzi, kupuma, kamera kuyandikira pang'ono, ndipo potumiza kwa abale nenani kuti n'chopangidwa ndi makina. Chithunzi cha munthu wamoyo musachiyendetse iye asanavomere.

Kupitirira masekondi asanu

Wojambula wathu akafuna kachidutswa ka masekondi 20, njira yodziwika ndi kutenga felemu yomaliza ya kavidiyo koyamba n'kuyisandutsa chithunzi choyambira chachiwiri. Zimatheka, koma felemu yomaliza ija yasiyana kale pang'ono ndi chojambula chenicheni, ndipo kusiyanako kumaunjikana. Pofika kachidutswa kachitatu mitundu yakhuthala, mizere yafewa, msodzi wayamba kuoneka ngati mbale wake. Komanso chithunzi choima sichisunga liwiro, ndiye polumikizira bwato limadzidzimuka, kapena nkhafi imene inali kupita m'mbuyo imayambanso kutsogolo.

Luma, Kling ndi ena amalola kupereka zithunzi ziwiri, choyambira ndi chomalizira, makina n'kudzaza pakati. Kwa munthu wodziwa kujambula imeneyi ndi mphatso yaikulu, chifukwa iye mwini ndi amene amajambula kumene kuyendako kukathere, ndipo mawu amangotsala ndi kunena njira ndi liwiro. Zithunzi ziwirizo zisatalikirane kwambiri. Msodzi nkhafi ili kutsogolo, ndi msodzi yemweyo nkhafi ili kumbuyo bwato litasuntha pang'ono, n'zotheka. Msodzi pa nyanja ndi msodzi atafika kugombe, makina amangosungunula chithunzi china kulowa m'chinzake.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya akale a zamafilimu, kudula. Wojambula akonze zithunzi zinayi zosiyana za nkhani yomweyo: nyanja yonse bwato lili kutali, msodzi cham'mbali monga tamuonera, manja pa nkhafi pafupi, ndi bango lokha likugwedezeka. Chilichonse chipatsidwe kuyenda kumodzi kwa kamera ndi chochita chimodzi, ndipo chilichonse chiyambire pa chojambula chenicheni, chosadutsa m'makina. Polumikiza, dulani sekondi yomaliza ya kachidutswa kalikonse ngati yayamba kusungunuka, ndipo bwato liziyang'ana kumanja m'zithunzi zonse mmene likuoneka, kuti woonera asaganize kuti msodzi wabwerera. Zithunzizo zijambulidwe kale mu msinkhu wa kumene zikupita, 9:16 ngati ndi zoonera pa foni choimika, 16:9 ngati ndi zopingasa, chifukwa pulogalamu ikadula yokha chithunzi chopingasa kuti chiime, malo a madzi aja amene tinasiya kutsogolo kwa bwato ndi amene amayamba kuchotsedwa.